Ukabwerera ku Netflix, Udzapeza Chiyani?

Kusiya kulipira Netflix sikufufuta akaunti. Kampaniyi imasunga kwa kanthawi mayina a owonera, mndandanda wa My List, ngakhalenso pomwe unalekezera filimu. Ukabwerera msanga, ukalowa ndi imelo yakale n'kulipira, filimu ija imapitirira pomwe inaimira.

Ambiri amaphonya pa imelo. Munthu waiwala pasiwedi, ndiye m'malo modina Forgot password, akutsegula akaunti ndi imelo ina. Akapeza mndandanda uli mbee, amati zafufutidwa, chonsecho zili phee ku akaunti yakale.

Koma mafilimu omwe unatsitsira mu foni sabwerera; uyenera kuwatsitsanso, bandulo n'kupita. Ndipo ukapempha kuti akaunti ifufutidwe, kapena ukachedwa nthawi yosungira n'kutha, palibenso chobweza.