Kalulu, Fisi ndi Thanthwe: Nthano Ikamasanduka Katuni

Agogo akamasimba nthano madzulo, mawu anayi amakwanira: “Kalulu anali wochenjera kwambiri.” Ana amavomera kuti tili tonse, nkhani n'kumapita. Wolemba katuni alibe mwayi umenewu. Mwana amene akuonera sakhulupirira kuti Kalulu ndi wochenjera chifukwa choti wina wanena. Amafuna aone nzeruyo ikubadwa, aione ikugwira ntchito, ndipo aizindikire Fisi asanaizindikire. Nthano zathu zambiri zimafooka pamenepa zikalembedwa kuti zijambulidwe, chifukwa wolemba amangotenga mawu a wosimba n'kuwapachika pamwamba pa zithunzi.

Titenge nthano yodziwika m'madera ambiri a mu Africa, imene ena amaisimba ndi mkango, ena ndi fisi. Fisi wanjala wapanikiza Kalulu pansi pa thanthwe lalikulu lopendekeka. Kalulu akufuula kuti thanthwe likugwa, n'kupempha Fisi kuti aligwirire pamene iye akukadula mzati wochirikizira. Fisi akugwirira, Kalulu akupita osabweranso. Pakamwa nthanoyi imatha msanga. Tsono tiyerekeze kuti tikufuna katuni wa mphindi 4.

Funso loyamba ndi loti Fisi akhulupirira bwanji bodza lotere. Akangokhulupirira chifukwa ndi chitsiru, ndiye kuti Kalulu sanachenjere, wangochita mwayi. Yankho lili kumwamba. Munthu akaima m'tsinde mwa chinthu chachitali n'kuyang'ana m'mwamba mitambo ikuyenda, maso amamunamiza kuti chinthucho ndi chimene chikuyenda. Wolemba aike zimenezi koyambirira kwenikweni, Fisi asanaoneke n'komwe. Kalulu wagona chagada pamthunzi wa thanthwe, wayang'ana kumwamba, ndipo ife tikuona zimene iye akuona: nsonga ya thanthwe ikuoneka ngati ikuweramira pa iye. Akudzambatuka, makutu ali njo. Kenako akuyang'ana patsinde, pomwe buluzi wagona phee osatekeseka. Akuyang'ananso mitambo, n'kuseka yekha. Masekondi 30 amenewa alibe liwu ngakhale limodzi, koma mwana waphunzira chinsinsi.

Ndiye Fisi akamupanikiza pamalo omwewo, Kalulu akungoponya diso kumwamba kamodzi, khutu limodzi n'kudzuka pang'onopang'ono. Mwana wa zaka zisanu adziwa kale chimene chikubwera, ndipo chisangalalo chake chonse chagona pamenepo. Mawu a Kalulu akhale ochepa ndi aulemu, monga wamng'ono polankhula ndi wamkulu: “Pepani a Fisi, musanandidye, taonani kumwambaku. Tifera limodzi pano!” Fisi akuyang'ana, ndipo tikuonetsedwanso chithunzi chomwe chija cha thanthwe ndi mitambo, koma tsopano kudzera m'maso a Fisi.

Masamu a ntchitoyi amathandiza wolemba kusankha. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Ojambula pamanja kawirikawiri amajambula 12, chilichonse n'kuonekera kawiri. Mphindi 4 ndi masekondi 240, choncho zonse zitamayenda nthawi zonse pangafunike zojambula 2,880. Kwa anyamata ndi atsikana atatu amene ali ndi kompyuta imodzi ndi pulogalamu yaulere monga Krita, OpenToonz kapena Blender, nambala imeneyi ndi yolemetsa. Nthano ya thanthwe imawachitira chifundo. Mitambo ndi chojambula chimodzi chimene chimangotsetsereka kuseri kwa thanthwe. Fisi atagwirira thanthwe ndi chojambula chimodzinso, ndipo miyendo yake yonjenjemera imafuna ziwiri kapena zitatu zomasinthana. Mbali yoseketsa kwambiri ndi yomwenso ili yotsika mtengo. Chodula ndi kuthamangitsana, pakuti nyama ya miyendo inayi ndi yovuta kuithamangitsa bwino, makamaka fisi amene miyendo yake yakutsogolo ndi yaitali kuposa yakumbuyo ndipo msana wake ndi wotsetsereka. Wolemba wanzeru amalemba liwiro la masekondi 15 okha, n'kulola fumbi ndi udzu wogwedezeka kugwira ntchito yotsalayo.

Njala ya Fisi nayonso iyenera kuoneka. Ine ndimakonda mimba yolira. Ilire koyamba pamene Fisi akununkhiza mapazi a Kalulu, ndipo mbalame zibalalike. Ilirenso pamene wagwirira thanthwe, iye n'kuganiza kuti ndi thanthwe likusweka, n'kulimbikira kukankha. Apa njala yake yomwe yasanduka mnzake wa Kalulu. Koma pali malire ofunika kuwasamala. Kwathu kuno fisi si nyama yoseketsa chabe: amagwira mbuzi m'khola, m'madera ena wavulazapo anthu, ndipo ana amamva akuluakulu akumutchula pankhani za ufiti. Mukamujambula ndi maso ofiira, usiku, mano onse ali pamtunda, mwana wamng'ono atseka maso ndipo nthabwala zonse zimudutsa. Nkhaniyi ichitike masana, ndipo Fisi aopse ndi kukula kwake, osati ndi nkhope. Komanso asafewe mopitirira. Ngati palibe amene akuda nkhawa kuti Kalulu adyedwa, kupulumuka kwake sikukoma.

Mawu amajambulidwa zithunzi zisanayambe kuyenda, chifukwa wojambula amatsata liwu poyendetsa milomo. Chichewa chimathandiza apa, pakuti chili ndi mavawelo asanu okha ndipo mawu ake amathera pa vawelo, choncho maonekedwe ochepa a kamwa amakwanira, kuwonjezerapo milomo yotseka ya m, b ndi p. Chimene wolemba ayenera kukumbukira ndi chakuti mawu a Chichewa ndi aatali. Chiganizo chooneka chachifupi papepala chingadye masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiye ndi bwino kuwerenga mokweza uli ndi wotchi m'manja.

Nanga wosimba nthano uja tim'taye? Ayi, koma apatsidwe ntchito yaing'ono. Atsegule nkhani monga timatsegulira nthano, ana avomere, kenako akhale chete. Kanyimbo kakafupi kakhoza kulowa pamene Fisi akudikira, dzuwa likuyenda kuchoka paliwombo mpaka kupendeka, mthunzi wa thanthwe ukutalika. Kanyimboko kakhale ndi mbali yoti ana apolokoze, pakuti nthano yathu sinakhalepo ya munthu mmodzi wolankhula yekha.

Mathero amafuna kulingalira. M'nthano zapakamwa Fisi nthawi zina amafa kumene, koma imfa yoonetsedwa pachithunzi imalemera kuposa yongotchulidwa. Ndingasankhe kuti madzulo mitambo ithe, kumwamba kuyere, ndipo buluzi uja akwere thanthwe modekha n'kudutsa pamphuno pa Fisi. Fisi akuchotsa dzanja limodzi, palibe chachitika. Akuchotsa linalo, thanthwe lili chiimire. Mimba ikulira kachitatu.

Pali njira yodziwira ngati zonsezi zagwira, musanawononge miyezi yojambula. Jambulani nkhani yonse m'timabokosi ndi pensulo, tizithunzi 50 kapena 60, mutiike motsatana pakompyuta malinga ndi nthawi yake, kenako muonetse ana angapo mutazimitsa mawu. Pamene Kalulu waponya diso kumwamba, imitsani ndi kuwafunsa kuti achita chiyani. Akatchula mitambo kapena thanthwe, pitirizani ntchito. Akangoti athawa, bwererani ku masekondi 30 oyambirira aja, muchedwetse chithunzi cha mitambo, ndipo buluziyo mumuike poonekera bwino.