Pomaliza nkhani, uzani anthu chinthu chimodzi choti akachite

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa alangizi a zaulimi kulankhula pamisonkhano ya m'midzi, ndipo pamene ambiri amapunthwa ndi pomaliza. Mlangizi amafotokoza bwino kwa theka la ola, kenako akaona kuti nthawi yatha amangoti zomwe anali nazo ndi zomwezo, n'kukhala pansi. Anthu amaomba m'manja ndithu, koma amabwerera kwawo asakudziwa choti akachite mawa kukacha. Ine ndimaphunzitsa kuti mphindi yomaliza ili ndi ntchito ziwiri zokha: kubwereza uthenga waukulu m'chiganizo chimodzi, ndi kupempha anthu kuti akachite chinthu chimodzi chodziwika tsiku lake ndi malo ake.

Tiyeni titenge msonkhano wa mwezi wa Disembala m'dera la Mfumu Sandwe, m'boma la Lusangazi lomwe linagawidwa kuchoka ku Petauke mu 2018. Chimanga changomera, ndipo mlangizi wabwera kudzakamba za mbozi za ntchemberezandonda, zomwe zinalowa m'Zambia chakumapeto kwa 2016. Nkhani ali nazo zambiri: kumene mbozizi zinachokera, mmene zimaswanirana, mitundu ya mankhwala, kuthira feteleza pa nthawi yake, kupalira. Wina adzafunsanso za njovu, poti derali lagundana ndi nkhalango ya South Luangwa. Zonsezi ndi zoona, koma uthenga waukulu ndi umodzi: mbozi imagonja ikadali yaing'ono, chifukwa ikakula imabisala mumtima mwa chimanga, momwe mumatulukira masamba atsopano, ndipo mankhwala savuta kuiphonya. Chotero chopempha chake chiyenera kukhala kukayendera munda msanga.

Mathero ake angamveke motere: "Makolo anga, mwa zonse takambazi, gwirani ichi: mbozi tiipeze ikadali yaing'ono, isanalowe mumtima mwa chimanga. Mawa m'mamawa aliyense apite kumunda kwake. Muyende mokhotakhota, muime malo asanu otalikirana, ndipo paliponse muone mapesi khumi. Muwerenge amene masamba ake akukutidwa mpaka kuoneka mbee, kapena amene ali ndi ndowe zonga utuchi. Lachisanu tikadzakumana pano, aliyense adzatchule nambala yake." Mawu amenewa safika ngakhale mphindi imodzi, komatu muli wochita, nthawi, malo, kachitidwe ndi tsiku lobweretsa yankho. Mapesi onse ndi 50, ndipo malangizo ambiri amati chimanga chikadali chaching'ono, mapesi 20 mwa 100 akagwidwa ndiye kuti nthawi yochitapo kanthu yakwana. Mlimi wopeza mapesi 10 kapena kuposa wafika pa malirewo. Yerekezani ndi mathero amene timamva kawirikawiri, akuti tiyeni tonse tigwirane manja polimbana ndi mbozi. Palibe angatsutse mawuwo, koma palibenso angaloze tsiku lomwe anawachita.

Kuti pempho latsatanetsatane limagwira ntchito kuposa kuopseza, umboni ulipo. Mu 1965 Howard Leventhal ndi anzake anasindikiza kafukufuku yemwe anachita pa ophunzira a yunivesite ya Yale ku America, wokhudza katemera wa kafumbata. Ena anawapatsa timabuku toopsa kwambiri, ena tofatsa. Oopsezedwawo ananenadi mwamphamvu kuti akabayitsa, koma kubayitsa kwenikweniko sikunatsatire mantha. Chinasiyanitsa anthu chinali china: amene anapatsidwa mapu osonyeza chipatala cha pasukulupo ndi maola ake, n'kupemphedwa kusankha nthawi yopitira, pafupifupi 28 mwa 100 anakabayitsa, pamene mwa enawo anali pafupifupi 3 okha. Ophunzira ambiri ankadziwa kale pomwe panali chipatalacho. Mapuwo anangowathandiza kuika katemera m'ndondomeko ya sabata lawo, ndipo mawu akuti "mawa m'mamawa" amachita zomwezo kwa mlimi.

Alangizi amanditsutsa ponena kuti mfundo zawo zonse zisanu n'zofunika, ndipo kusankhapo imodzi ndi kumana alimi zina zinayi. Nkhawayo ndimaimvetsa, makamaka kwa mlangizi yemwe ali ndi midzi yambiri ndipo sadziwa kuti adzabweranso liti. Koma zinayizo sizitayidwa, malo ake ndi pakati pa nkhani. Womvera alibe pepala loti abwererepo ngati wowerenga. Akamva zopempha zisanu zondondozana amasankha yekha, ndipo amasankha chophweka kapena chomwe anali kuchita kale. Amapalira, n'kudziuza kuti wamvera. Luso lili posankha chinthu chomwe chimatsegulira zinazo njira. Mlimi amene wawerenga mapesi n'kupeza 14 ogwidwa sadikira kukumbutsidwa za mankhwala, adzafunsa yekha Lachisanu, ndipo adzamva yankho ndi makutu onse awiri.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, chifukwa chikukhudza ulemu. Pabwalo la m'mudzi mawu omaliza si a mlendo. Mlangizi akakhala pansi pamabwera mafunso, mawu a nduna, mawu a amfumu, kenako pemphero, ndipo pofika nthawi yobalalika pempho lija lakwiririka. Enanso amati mwana kuuza akuluakulu chochita, n'kubwerezanso zomwe wanena kale, kuli ngati kuwayesa osamva. Sindikuona chifukwa cholimbana ndi mwambo pamenepa. Mlangizi alandire mafunso asanamalize, kuti funso la njovu lisakhale chinthu chotsiriza m'makutu mwa anthu. Msonkhano usanayambe akhale pansi ndi amfumu, awafotokozere pempho limodzilo ndi kuwapempha kuti alitchule potseka. Pempho lotuluka pakamwa pa eni mudzi limalemera kuposa la mlendo, ndipo amfumu angathe kunena kuti ayamba ndi munda wawo. Ulemu umakhala m'kayankhulidwe, m'mawu ngati "ndikupempha" ndi "makolo anga"; sufuna kuti tsiku ndi nambala zibisidwe. Ndipo poti kwa Sandwe, ku Petauke ndi ku Nyimba ambiri amalankhula Chinsenga panyumba, mlangizi wochokera kwina aphunzire kunena ziganizo zomalizazi m'Chinsenga, kapena agwirizane ndi womasulira mawu enieni oti akanene, kuti "mapesi khumi" asasanduke "mapesi angapo".

Pali malire amene ndiyenera kuwavomereza. Mathero abwino sapulumutsa pempho losatheka. Kuuza anthu kuti mawa akagule mankhwala, pamene sitolo ili kutali ndipo ndalama m'Disembala zapita kale ku mbewu ndi feteleza, ndi kuwaphunzitsa kuti mawu a mlangizi ndi ongomvera. Kuwerenga mapesi kumafuna maso ndi miyendo basi, n'chifukwa chake ndikoyenera kukhala pempho loyamba. Komanso mlangizi amene watchula Lachisanu wadzimanga yekha: akapanda kubwera, pempho lake lotsatira silidzamveka.

Kudziwa ngati mathero agwira n'kosavuta. Anthu akamabalalika, mlangizi afunse awiri kapena atatu, aliyense payekha, makamaka amayi amene anakhala kumbuyo, kuti mawa akachita chiyani. Akayankha kuti akasamala munda, pempho silinamveke. Akatchula malo asanu ndi mapesi khumi, lamveka. Lachisanu awerenge amene abwera ndi nambala. Inu alangizi amene muli ndi msonkhano sabata ino, lembani ziganizo zanu zomaliza papepala musanalembe china chilichonse, ndipo mukaziwerengere amfumu anthu asanasonkhane.