Dothi la pafupi ndi mtaya: muyezo wake ndi dothi linzake

Mvula ikagwa pa mtaya wa Mzedi ku Blantyre, madzi akuda amatuluka pansi pa zinyalala n'kutsetsereka kumunsi. Pa mtaya wotere pamatayidwa mabatire otha, zitini za penti ndi mawaya otenthedwa. Zimenezi zimatulutsa ledi, kadimiyamu, zinki ndi kopa, zitsulo zomwe siziwola ngati makoko a nthochi. Zikalowa m'dothi zimakhalitsa zaka zambirimbiri.

Koma kupeza ledi m'dothi si umboni wokwanira, chifukwa dothi lililonse lili ndi ledi wake wochokera m'miyala. Funso la wofufuza ndi lakuti: mtayawu wawonjezerapo wochuluka bwanji?

N'chifukwa chake amatapa dothi malo awiri. Loyamba ndi la pafupi ndi mtaya, masentimita 20 a pamwamba, pogwiritsa ntchito kafosholo kapulasitiki kuti chitsulo chisasokoneze zotsatira. Lachiwiri amalitapa kutali, chakumtunda, komwe madzi ndi utsi wa pamtaya sizifika, koma dothilo likhale la mtundu womwewo. Katondo ayerekezedwe ndi katondo mnzake, osati ndi makande a kudambo. Ku labotale dothi amaliumitsa, kulisefa, kuliphika mu asidi, kenako makina amayeza mamiligalamu a chitsulo pa kilogalamu imodzi.

Tiyerekeze kuti pafupi ndi mtaya papezeka mamiligalamu 80 a ledi, pomwe kumtunda kuli 20. Kugawa 80 ndi 20 kumapereka 4, kutanthauza kuti ledi wachuluka kanayi. Pa mlingo womwe Lars Håkanson wa ku Sweden anakonza mu 1980, nambala yosafika 1 ndi kuipitsidwa kochepa, 1 mpaka 3 n'kwapakatikati, 3 mpaka 6 n'kwakukulu, ndipo kuyambira 6 n'koopsa. Choncho 4 ndi wodetsa nkhawa.

Cholakwika chachikulu chimabwera wofufuza akalephera kutapa dothi lachiwirili n'kungotenga nambala za m'mabuku, monga za Turekian ndi Wedepohl za mu 1961, zomwe zimaika ledi pa 20 ndi kopa pa 45. Dera la migodi ya kopa ku Zambia lili ndi malo omwe dothi lake n'lodzala kopa mwachilengedwe. Kumeneko nambala za m'buku zingapachike mlandu pa mtaya wosalakwa.

Chinanso n'choti nambala za zitsulo zonse amaziphatikiza kukhala imodzi yotchedwa PLI, ndipo ikapitirira 1 malowo amati aipitsidwa. Nambalayi imatha kubisa zoopsa. Ngati ledi ali pa 4 koma kopa ali pa 0.25, PLI ya zitsulo ziwirizi imangokhala 1. Mayi wolima mpiru ndi bonongwe kumunsi kwa mtaya ayenera kuuzidwa za ledi payekha, ndipo masamba ake ndi madzi a pachitsime chake ayezedwenso.