Chikondwerero cha Ayuda chimayamba dzuwa likangolowa

Kalendala ya 2024 inalemba kuti Yomu Kipuru, tsiku lalikulu la Ayuda losala kudya ndi kulapa machimo, linali Loweruka pa 12 Okutobala. Koma munthu amene akanafika ku sunagoge Loweruka mmawa, poganiza kuti walawirira, akanapeza kuti anzake akhala osadya osamwa usiku wonse, ndipo pemphero lotchuka lotsegulira mwambowo linachitika kale Lachisanu madzulo pa 11 Okutobala. Kalendalayo sinaname ayi. Kungoti pali mawerengedwe awiri a tsiku amene akuyendera limodzi, ndipo malire ake sagwirizana.

Mawerengedwe amene tinawazolowera, oti tsiku limasintha pakati pa usiku, anachokera kwa Aroma. Ayuda amadula tsiku dzuwa likalowa. Kwa iwo usiku ndi umene umatsogola, usana n'kubwera pambuyo pake. Motero tsiku limodzi lachiyuda limagwira masiku awiri a pa kalendala yathu: madzulo a tsiku loyamba, kenako mmawa ndi masana a tsiku lachiwiri. Osindikiza makalendala amasankha tsiku lachiwirilo chifukwa ndi limene lili ndi maola ambiri a chikondwererocho.

Arabi amaloza ku chaputala choyamba cha Genesis, pamene tsiku lililonse la chilengedwe limafotokozedwa potchula madzulo poyamba, mmawa pambuyo. Pa nkhani ya Yomu Kipuru lamulo n'lachindunji kwambiri. Levitiko 23 imaika tsikuli pa tsiku la 10 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, koma vesi 32 imalamula kuti kusala kuyambe madzulo a tsiku la 9 n'kutha madzulo otsatira. Buku la Nehemiya nalo limasonyeza mwambowu ukugwira ntchito: iye analamula kuti zipata za Yerusalemu zitsekedwe mdima ukayamba kugwa Sabata lisanafike, kuti amalonda asalowe ndi katundu.

Palinso chifukwa china chimene ndimachiona kuti n'champhamvu kuposa momwe anthu amachitengera. Miyezi yachiyuda imatsata mwezi wakumwamba, ndipo mwezi watsopano umaoneka kumadzulo kwa kanthawi kochepa dzuwa litangolowa. Kalekale mboni zimene zauona zinkapita kukanena ku bwalo la akuluakulu ku Yerusalemu, ndipo bwalolo linkalengeza kuti mwezi wayamba. Anthu amene chizindikiro chawo cha mwezi chimaoneka chakumadzulo, n'zosadabwitsa kuti tsiku lawo liziyambanso nthawi yomweyo. Asilamu amawerenga chimodzimodzi, ndipo aliyense amene anakhalapo nawo pafupi ku Mangochi kapena ku Machinga amadziwa kuti za Idi zimamveka usiku, mwezi ukaoneka. Lero kalendala yachiyuda imayendera masamu okhazikika, sadikiranso mboni, koma malire a tsiku anatsala pomwepo.

Vuto limabwera pa funso ili: kodi madzulo amayamba mphindi iti? Dzuwa likalowa mdima sugwa nthawi yomweyo. Pamakhala kachisisira, ndipo arabi a m'Talimudi anavomereza kuti nthawi imeneyi ndi yokayikitsa, mwina ndi ya tsiku limene likutha, mwina ya limene likubwera. Usiku weniweni anauika pamene nyenyezi zitatu zaoneka. Pofuna kupewa kuphwanya lamulo mosadziwa, kachisisirako amakawerengera ku tsiku lopatulika mbali zonse ziwiri. Chikondwerero chimayamba dzuwa lisanalowe, koma sichitha dzuwa likalowa mawa lake. Chimadikira nyenyezi.

N'chifukwa chake kusala kwa Yomu Kipuru kumatenga maola pafupifupi 25, osati 24. Tiyerekeze kuti dzuwa likulowa 6:10 madzulo. M'madera ambiri makandulo amayatsidwa kutatsala mphindi 18, ndiye kuti 5:52. Ku Yerusalemu mwambo wake ndi mphindi 40, choncho mayi wa pakhomo amayatsa 5:30. Chakudya chomaliza chiyenera kukhala chitadyedwa dzuwa likadali kuoneka, mbale zitachotsedwa, nsapato zachikopa zitavulidwa. Mawa lake dzuwa likalowa cha m'ma 6:10, palibe amene amakhudza madzi. Amadikira mphindi zina pafupifupi 40, kuchepera kapena kuposerapo malinga ndi dera, ndipo ena okhwimitsa amadikira mphindi 72. Lipenga la nyanga ya nkhosa limalira m'sunagoge, anthu n'kupita kukadya. Popeza dzuwa sililowa nthawi imodzi paliponse, Myuda wa ku Joni ndi wa ku London amayamba tsiku lomwelo pa maola osiyana, ndipo mzinda uliwonse uli ndi ndandanda yake ya nthawi.

Kachisisiraka si nkhani ya m'mabuku chabe. Mwana wamwamuna amadulidwa pa tsiku lachisanu ndi chitatu, kuwerengera tsiku lobadwa ngati loyamba, ndipo mdulidwe wa pa nthawi yake umaloledwa ngakhale pa Sabata. Tsono mwana akabadwa Lachisanu dzuwa litalowa koma nyenyezi zisanatuluke, zinthu zimavuta. Ngati linali likadali Lachisanu, tsiku lake ndi Lachisanu lotsatira. Ngati Sabata linali litayamba, tsiku lake ndi Loweruka. Kumudula Lachisanu sikutheka chifukwa mwina ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, nthawi isanakwane. Kumudula Loweruka sikuthekanso chifukwa mwina ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo mdulidwe wochedwa suloledwa kuphwanya Sabata. Mwanayo amadikira mpaka Lamulungu. N'chifukwa chake m'banja lotsatira malamulowa wina amayang'anitsitsa wotchi pamene mwana akubadwa chakumadzulo.

Amene amasokonezeka kwambiri ndi alendo oitanidwa ndiponso mabwana a pantchito. Pasika wa 2024 analembedwa pa 23 Epulo, koma mgonero waukulu, umene banja limasonkhana kudya mkate wopanda chofufumitsa ndi kusimba za kutuluka ku Iguputo, unali Lolemba madzulo pa 22 Epulo. Wantchito wachiyuda amene anapempha kuweruka msanga Lolembalo sankazemba ntchito. Kandulo yoyamba ya Hanuka nayo imayatsidwa madzulo a dzulo lake. Choipa n'chakuti makalendala ena amalemba tsiku la madzulowo pomwe ena amalemba tsiku la masana, osanena kuti atsata liti. Njira yodalirika ndi kufunsa kuti makandulo ayatsidwa liti. Kwa a mpingo wa Adiventisiti kuno kwathu izi si zachilendo, chifukwa nawo amatseka golosale Lachisanu dzuwa lisanalowe.

Komabe si zonse zimene zimayamba madzulo. Masiku ang'onoang'ono osala kudya, monga la Gedaliya ndi la Esitere, kusala kumayamba mbandakucha n'kutha usiku ukagwa, ngakhale kuti deti lenilenilo linasintha kale madzulo a dzulo lake. Kupatula Yomu Kipuru, kusala kwa usiku ndi usana kumachitika pa tsiku la 9 la mwezi wa Avu lokha, lokumbukira kugwetsedwa kwa Kachisi. M'Kachisimo, pa nkhani ya nsembe, dongosolo linali lotembenuka: usiku unkawerengedwa pamodzi ndi usana umene wangotha, moti nyama ya nsembe yoyamikira yophedwa masana inkadyedwa usiku womwewo, osaisiya kufika mmawa.