Malikisi khumi pa ngozi ya pa Msundwe

Munthu akavulala pa Msundwe, pamsewu wa Lilongwe-Mchinji, amathamangira naye ku St Gabriel ku Namitete kapena ku Kamuzu Central. Wophunzira za opaleshoni ku Malawi College of Health Sciences amakumana ndi wovulala wotereyu papepala la mayeso asanamuone kuwodi.

Funso likhoza kubwera motere. Wakabaza wa zaka 25 wagundidwa ndi minibasi. Mtima ukugunda ka 125 pa mphindi, BP ili pa 90/60, akumva ululu kumanzere kwa mimba ndi paphewa lakumanzere. Vuto ndi chiyani? Malikisi 2. Mumuthandiza bwanji pompopompo? Malikisi 8.

Wochonga amakhala ndi pepala lakelake la mayankho, mfundo iliyonse ndi malikisi ake. Safuna malonje. Malikisi awiri a gawo loyambalo akusonyeza kuti pakufunika zinthu ziwiri: kapamba waphulika, ndipo magazi otayikira m'mimba achuluka mpaka thupi layamba kufooka. Wolemba kuti "wavulala m'mimba" sananame, koma wochonga alibe poika cholembera.

Pa gawo lachiwiri ndi pomwe ambiri amataya malikisi, osati chifukwa sakudziwa. Amalemba ndime imodzi yaitali, mfundo zitapiringizana, pomwe dongosolo lilipo kale, la ABCDE: njira ya mpweya pamodzi ndi kuteteza khosi, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, ubongo, kenako kumuvula wodwala n'kumuona thupi lonse osamusiya azizidwe. Chilembo chilichonse chikhale mutu, pansi pake mfundo imodzi pamzere umodzi.

Nyama ya funsoli ili pa C. "Muikeni diripi" ndi yankho limene ngakhale gadiyani angapereke. Wofuna malikisi amatchula makanyula awiri aakulu, a saizi 14 kapena 16, ndi lita imodzi ya madzi a diripi ofunditsidwa. Mzere wotsatira ndi wotenga magazi kuti aone gulu lake, a kulabu akonzeretu oti amuonjezere. Kenako mankhwala ochepetsa kutaya magazi a tiranekizamiki, galamu imodzi pa mphindi 10, bola maola 3 asanakwane chivulalireni. Katheta nayo ibwere ndi chifukwa chake: mkodzo usatsike pa 0.5 ml pa kilogalamu pa ola, ndiye kuti pafupifupi 30 ml kwa munthu wa makilogalamu 60.

Dongosololi lili ndi msampha wake. Ena amathera nthawi pa A ndi B chifukwa ndizo analoweza bwino, chonsecho funso silinanene kuti mnyamatayu akubanika. Mizere iwiri ikukwana pamenepo. Ena amaiwala mzere womaliza, womwe ndi chiganizo cha dokotala: BP ikapanda kukwera pambuyo pa lita ija, wodwalayu alowe kufiyeta akamutsegule pamimba. Ngati funso lamuika pa helofu senta yopanda fiyeta, yankho ndi kuimbiratu foni kuchipatala chachikulu ndi kumutumiza pa ambulansi, diripi ikuyenda, namwino ali pambali.