Kutentha kosayezeka, koma kodziwika ndi masamu

Makala akamayaka pa mbaula panja, kamphepo kakuomba, kaboni wa m'makalawo amaphatikana ndi okosijeni n'kupanga mpweya wa kaboni dayokisaidi, CO₂. Koma mbaulayo ikalowa m'nyumba yotseka mawindo usiku wa mu Juni, okosijeni amachepa, ndipo kaboni wina amangopsa mwatheka. Pamenepo pamatuluka kaboni monokisaidi, CO, mpweya wopanda fungo uja umene umapha anthu ali m'tulo.

Nanga kupsa kwathekaku kumatulutsa kutentha kochuluka bwanji? Kuyeza mwachindunji n'kosatheka. Ngakhale mutachepetsa okosijeni mosamala chotani, kaboni wina amapsa mpaka kufika pa CO₂, wina osapsa n'komwe, ndiye nambala imene mungapeze ndi ya zinthu zosakanikirana.

Njira yozembera vutoli inachokera kwa Germain Hess, katswiri wa kemisitiri amene ankagwira ntchito ku St Petersburg. Mu 1840 iye anaonetsa kuti kutentha konse kotuluka kumadalira poyambira ndi pothera basi, osati njira imene mwadzera. Wotsika phiri la Zomba pa msewu wokhotakhota ndi wodzera kanjira kachidule, onse atsika mamita ofanana akafika m'tauni.

Tsono titenge magalamu 12 a kaboni, omwe ndi molo imodzi. Akapsa kotheratu amatulutsa makilojulo 393.5. Amalemba ndi chizindikiro chochotsera chifukwa kutenthako kwatuluka:

```
C + O₂ → CO₂      ΔH = −393.5 kJ
CO + ½O₂ → CO₂    ΔH = −283.0 kJ
```

Zonse ziwirizi zimayezeka bwinobwino, pakuti CO nayenso amayaka, ndi lawi labuluu limene nthawi zina mumaliona likuvina pamwamba pa makala. Ulendo wonse ndi −393.5, chigawo chake chachiwiri ndi −283.0, choncho chigawo choyamba chosayezeka chija ndi chotsalacho:

```
C + ½O₂ → CO
ΔH = −393.5 − (−283.0) = −110.5 kJ
```

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Mzere wachiwiri tauyenda chobwerera, kuchoka pa CO₂ kupita pa CO, ndiye chizindikiro chake chimayenera kutembenuka kukhala +283.0. Woiwala zimenezi amapeza −676.5, ndipo yankho lotere limadziulula lokha: kupsa kwatheka kungapose bwanji kupsa konse? Ndiponso mukachulukitsa mzere kawiri, ΔH yake nayo ichuluke kawiri.

Manambalawa ndi a kaboni weniweni wa girafaiti pa madigiri 25. Makala a pamsika ali ndi phulusa ndi chinyezi, kotero satulutsa ndendende chonchi. Komabe taonani kukula kwa kusiyanako: kaboni amene wathera pa CO wapereka 110.5 pa 393.5, osafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu. Kutentha kotsalako kuli mu mpweya umene banja likupuma.