Dzina lapakati likasokoneza mndandanda wa mu Excel

Mlembi wa sukulu, wa mpingo kapena wa kalabu ya alimi amalandira kawirikawiri mndandanda umene dzina lonse la munthu laikidwa m'kabokosi kamodzi. Kenaka akuluakulu amafuna kuti dzina loyamba likhale pa lokha, la bambo pa lokha, kuti mayina asanjidwe motsata alifabeti. Ntchitoyi ikanakhala yamphindi imodzi aliyense akanakhala ndi mayina awiri. Koma ena ali ndi atatu, ena anayi, ndipo apa ndi pamene mndandanda umaonongekera mwakachetechete.

Mayina atatu odziwika m'mbiri ya Malawi akuonetsa bwino vutoli. Mu A2 muli John Chilembwe, mu A3 muli Hastings Kamuzu Banda, ndipo mu A4 muli Henry Masauko Blasius Chipembere.

Ambiri amathamangira ku Text to Columns, yopezeka pansi pa Data, nasankha Delimited kenaka Space. Excel imadula dzina paliponse pamene yapeza mpata, n'kuika chidutswa chilichonse m'kabokosi kakekake. Kwa Chilembwe zimayenda bwino: John koyamba, Chilembwe kwachiwiri. Koma pa dzina lotsatira, malo a dzina la bambo amatengedwa ndi Kamuzu, Banda n'kukankhidwira kwachitatu. Chipembere amakathera kwachinayi, pamalo pake patakhala Masauko. Mlembi akasanja mndandandawo, Banda amapezeka pa K, Chipembere pa M. Excel sidandaula chilichonse, chifukwa yachita zimene yauzidwa. Pa mndandanda wa anthu mazana, cholakwikacho chimaoneka tsiku limene wina wabwera kudzafunsa chifukwa chake dzina lake palibe. Palinso ngozi ina: ngati kumanja kuli manambala a foni kapena mayina a midzi, zidutswa za mayina zimalembedwa pamwamba pake mlembi akavomera chenjezo osaliwerenga.

Chokonza zonsezi ndi kusintha mbali yowerengera. Dzina la bambo silikhala lachiwiri nthawi zonse, koma pa mayina olembedwa motere limakhala lomaliza. Choncho dzina loyamba lifunidwe kuchokera kumanzere, la bambo kuchokera kumanja, zapakati zisiyidwe.

Loyambalo n'losavuta. Mu B2 mulembedwe izi, n'kukokera pansi:

```
=LEFT(A2,FIND(" ",A2)-1)
```

FIND imawerenga zilembo mpaka itapeza mpata woyamba. Pa Hastings Kamuzu Banda mpatawo uli pa malo a 9. Kuchotsapo 1 kumatsala 8, ndipo LEFT imatenga zilembo 8 zoyambirira, zomwe ndi Hastings.

Dzina lomaliza ndi limene limafuna nzeru, popeza FIND imayambira kumanzere kokha. Odziwa ntchitoyi anapeza njira yolambalala, ndipo mu C2 amalemba motere:

```
=TRIM(RIGHT(SUBSTITUTE(TRIM(A2)," ",REPT(" ",100)),100))
```

Fomulayi imaopsa m'maso, koma maganizo ake ndi apafupi. SUBSTITUTE imachotsa mpata uliwonse n'kuikapo mipata 100, kotero mayina amatalikirana kwambiri, ngati nyumba zomangidwa patalipatali. RIGHT imadula malo 100 omalizira. Pa Banda, amenewo ndi zilembo 5 ndi mipata 95, ndipo Kamuzu ali kutali moti sangalowe nawo. TRIM imafufuta mipatayo, patsala Banda. Pa Chipembere zimachitika chimodzimodzi, ngakhale pakati pali mayina awiri. Nambala 100 ilibe matsenga ayi. Imangoyenera kuposa kutalika kwa dzina lililonse la pa mndandandawo. Ubwino wina ndi woti njirayi imagwira mu Excel yakale, mu Google Sheets ngakhalenso mu LibreOffice, zomwe n'zofunika m'maofesi momwe makompyuta ndi a mibadwo yosiyanasiyana.

Amene ali ndi Microsoft 365 anapatsidwa njira yaifupi mu 2022:

```
=TEXTBEFORE(A2," ")
=TEXTAFTER(A2," ",-1)
```

Apa -1 akutanthauza mpata woyamba kuwerengera kumapeto. Koma fayilo yotere ikatumizidwa kwa mnzake wa Excel 2016, fomulayo ikangowerengedwanso pamatuluka `#NAME?`. N'chifukwa chake ndi bwino kukopa zotsatirazo n'kuzimata ndi Paste Values fayilo isanatumizidwe. Ilipo ndithu Flash Fill, imene inabwera ndi Excel 2013: munthu amalemba yekha mayina angapo, nadina Ctrl+E, Excel n'kumalizitsa. Koma imachita kungoganizira potengera zitsanzo. Zitsanzozo zikakhala za mayina awiri okhaokha, ikhoza kumva kuti akufuna dzina lachiwiri, vuto lija n'kubwereranso.

Fomula ikakana, kawirikawiri vuto limakhala mmene mayina analembedwera. Kabokosi ka mu B kakatuluka kopanda kanthu, ndiye kuti wolemba anayamba ndi mpata asanalembe dzina. Mankhwala ake ndi kulemba `TRIM(A2)` paliponse pali `A2`. Pakatuluka `#VALUE!`, FIND siinapeze mpata. Mwina munthuyo analembedwa dzina limodzi lokha, kapena mayinawo anakopedwa pa intaneti, komwe kuli mpata wa mtundu wina umene maso sausiyanitsa ndipo TRIM siufufuta. Umenewo umasinthidwa ndi `SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," ")` ntchito isanayambe.

Pali mayina ena amene fomula iliyonse imawaphonya, ngakhale atalembedwa bwinobwino. Pa Bingu wa Mutharika, lamulo la dzina lomaliza limapereka Mutharika, "wa" n'kutayika ngati kuti ndi dzina lapakati. Pa Arthur Peter Mutharika limapereka Arthur, zomwe n'zoona pa pepala, pamene dziko lonse limati Peter. Dzina loyamba ndi Mai, Gogo kapena Dr. limachititsa kuti ulemuwo usanduke dzina loyamba. Mayi wokwatiwa amene amasunga dzina la bambo ake pamodzi ndi la amuna ake amataya limodzi ngati pakati pa awiriwo pali mpata m'malo mwa kamzere. Kompyuta imangoona mipata. Siingadziwe kuti liwu ili ndi la kubanja, ili ndi la ubatizo.

Nchifukwa chake mlembi wosamala amawonjezera mzere wina wowerenga kuchuluka kwa mayina, mu D2:

```
=LEN(TRIM(A2))-LEN(SUBSTITUTE(TRIM(A2)," ",""))+1
```

Hastings Kamuzu Banda ali ndi malo 21 pamodzi ndi mipata, ndi 19 popanda mipata. Kusiyana kwake ndi 2, kuwonjezerapo 1 ndi mayina atatu. Pogwiritsa ntchito Filter, mlembi amabisa onse a 2, n'kuwerenga ndi maso a 1, a 3 ndi a 4. Otsalawo amakhala ochepa poyerekeza ndi mndandanda wonse, ndipo okayikitsa amafunsidwa kwa eni ake kapena kuyerekezedwa ndi chiphaso cha unzika. Gawo limeneli ndi limene anthu amalidumpha, chonsecho ndi limene limateteza munthu kuti asalandire satifiketi ya dzina lolakwika.

Kuwerengako kuli ndi malire ake. M'masukulu ndi m'maofesi ambiri anthu anazolowera kuyamba ndi dzina la bambo, ndipo mndandanda wosonkhanitsidwa kuchokera kwa alembi angapo umakhala wosakanikirana: wina analemba John Chilembwe, wina Chilembwe John. Onsewa amapereka 2, ndipo fomula imaika John pa dzina la bambo mosadandaula. Njira yowagwirira ndi kusanja mzere wa C motsata alifabeti n'kuuwerenga kuyambira pamwamba. Pakapezeka a John, a Grace ndi a Chikondi ataunjikana pa mayina a bambo, ndiye kuti gawo lina linalembedwa chobwerera, ndipo liyenera kupatulidwa n'kusinthanitsidwa pa lokha. Pa zonsezi mzere wa A usafufutidwe, chifukwa mayina apakati amatsala momwemo, ndipo aku banki kapena a mayeso akadzafuna dzina lonse monga lilili pa chiphaso, adzalitenga m'menemo.